Shopu yodzadza koma ndalama yokaoda shuga palibe

"Achimwene, ndili ndi golosale kuno ku Mponela, chaka chachinayi tsopano. Ndikufuna ngongole yoonjezera mpamba ndiye pa fomu ya pa kompyuta pali malo awiri olembedwa `Inventory turnover` ndi `Days of stock`. Chaka chatha ndinagulitsa za K36 miliyoni, m'shopu mumakhala katundu wa K6 miliyoni, ndipo ndimaika K20 pa K100 iliyonse. Ndangogawa ndapeza 6. Ndalondola? Nanga 6 ameneyu ndi wabwino? Chondidabwitsa nchoti shopu ndi yodzadza koma ndalama yokaoda shuga imandisowa sabata iliyonse."

Achimwene a ku Mponela, za fomuzo ndikanakuyankhani mizere iwiri basi nkukagona. Koma mawu anu omalizawo andikhazika pansi, chifukwa ineyo ndinawayankhulapo ndi pakamwa pangapa, ndili chilili pakati pa shopu yanga pa Lunzu, mashelufu atadzadza mpaka kudenga koma m'kabati muli ndalama yosakwana olo mabelo awiri a shuga. Ndiye mundipirire, ndiyamba ndi yanga, yanuyo tiipeza kutsogolo.

Shopu ndinatsegula mu 2019 nditasiya ntchito. Ndinali ndi matenda amene ambiri a ife tili nawo, okonda kuona shopu itadzadza. Munthu akalowa nkunena kuti "eee koma muli katundu muno" mtima umachita kuti myaa, tsiku limenelo olo ndisagulitse zambiri ndimapita kunyumba ndikuyenda ngati bwana. Ndiye ndikapita ku Limbe kokaoda, ndimatenga shuga, mafuta ophikira, sopo, mchere, zimene ndapitira, kenako ndikudutsa pa mashopu enawo ndimaona mafulasiki atsika mtengo, mapoto a seti, matochi otchaja, zitenje, mabeseni, ndimangoti izi nazo ziyenda. Wogulitsa akangoti mukatenga katoni yonse ndikuchotserani, basi ndagwa. Mafulasiki ndinatenga makatoni atatu tsiku limodzi. Atatu! Pa Lunzu! Ngati kuti anthu onse a m'dera lija agwirizana zoyamba kumwa tiyi wa m'fulasiki mwezi womwewo.

Mayi akunyumba ndi amene ankakhala m'shopu masiku ambiri, ndipo ankandiuza mwaulemu kuti bambo, zinthu zam'mwambazi ine ndimangozipukuta fumbi. Ine ndimati katundu saola, katundu ndi ndalama, tsiku lina adzagulidwa. Mawu amenewa ndimadana nawo kwambiri lero, ndifikako.

Amene ananditsegula maso ndi alamu anga, achimwene a mayiwa, amagwira ntchito yowerengera ndalama ku kampani ina mu tauni. Anabwera kudzacheza kumayambiriro kwa 2023, ine nkuyamba kudandaula mwachizolowezi, komanso kunena zoona ndimafuna ndiwabwereke ndalama. Iwo sanakane, sanavomerenso, anangoti bweretsani makope anu ndi malisiti. Mwamwayi mayi akunyumba amasunga lisiti lililonse mu chitini cha mabisiketi, ndipo pa 1 Januwale chaka chilichonse timatseka shopu nkuwerenga sitoko yonse, izi ndiye tinkachita bwino, ngakhale tinkangowerenga osadziwa kuti nambalayo tipange nayo chani.

Tinakhala pa khonde Loweruka lonse. Anandifunsa zinthu zitatu zokha. Katundu amene anali m'shopu pa 1 Januwale 2022 anali wa ndalama zingati, chaka chonsecho ndinaoda za ndalama zingati, ndipo pothera pa chaka munatsala za ndalama zingati. Ndipo anabwereza kawiri kuti zonsezi pa mtengo woodera, osati wogulitsira. Ine nkuti kusiyana kwake nchani, katundu ndi yemweyo. Iwo nkuti ndalama imene inatuluka m'thumba mwanu nkukakhala pa shelufu ndi ya mtengo woodera, phindu simunalipeze, musamaliwerengere ngati lafika kale.

Zinatuluka chonchi. Poyamba chaka munali za K4,200,000. Malisiti a chaka chonse anakwana K25,800,000. Pothera chaka munali za K5,400,000. Alamu nkulemba pa chikuto cha kope:

```
katundu wotuluka = sitoko yoyamba + zooda - sitoko yotsala
4,200,000 + 25,800,000 - 5,400,000 = 24,600,000
```

Nzeru yake ndi yosavuta. Zimene munali nazo kuphatikiza zimene munabweretsa, kuchotsa zimene zatsala, ndiye kuti zinazo zinatuluka pakhomo. Ndiye katundu wa K24,600,000 anatuluka m'shopu mwanga chaka chimenecho. Kenako anafuna kudziwa kuti tsiku wamba m'shopu mumakhala katundu wa ndalama zingati. Popeza tinali ndi mawerengero awiri okha, anaphatikiza nkugawa pakati, K4,200,000 ndi K5,400,000 pakati pake ndi K4,800,000. Ndiye nkugawa:

```
tenova = katundu wotuluka / sitoko ya pakatikati
24,600,000 / 4,800,000 = 5.125

masiku = 365 / tenova
365 / 5.125 = 71
```

Tenova imene akukufunsaniyo ndi imeneyi, kuti pa chaka shopu yanu inakhuthuka nkudzadzanso kangati. Yanga kasanu ndi pang'ono. Ine ndinamva ngati nkhani yabwino, kasanu si pang'ono. Koma atasandutsa kukhala masiku ndi pamene zinandilowa, ndipo mpaka lero ndimauza aliyense kuti nambala ya tenova muzilemba pa fomu, koma m'mutu muzisunga ya masiku, chifukwa munthu wa shopu amaganiza m'masiku, lendi ndi masiku 30, ngongole ya banki m'khonde ili ndi tsiku lake, fizi ili ndi tsiku lake. Kwacha iliyonse imene ndimaika pa shelufu imatenga masiku 71 kuti ibwerere m'kabati. Miyezi iwiri ndi masabata ake. Lendi ndalipira kawiri ndalama ija isanabwere.

Ine ndinatsutsa. Ndinati alamu, nambala yanuyi ikunama, shuga muno satha sabata ziwiri, mafuta ophikira chimodzimodzi, 71 yo yachokera kuti. Iwo anaseka nkuti yanama ndithu, ndipo anati tigawe shopu patatu. Apa ndiye panali ntchito, kusankhula malisiti limodzilimodzi, dzuwa mpaka kupendeka, ana kutibweretsera nsima pakhonde pomwepo.

Gulu loyamba linali zothamanga, shuga, mafuta ophikira, sopo wochapira, mchere, machesi, mpunga. Izi zinatuluka za K18,000,000 pa chaka, koma pa shelufu pamakhala za K1,000,000 zokha. Kugawa kwake ndi 18, ndiye kuti masiku 20. Gulu lachiwiri mafuta odzola, mabisiketi, zakumwa, makope ndi zolembera, izi zinatuluka za K5,400,000 ndipo pamakhala za K1,500,000, tenova 3.6, masiku 101. Gulu lachitatu ndi zam'mwamba zija zopukutidwa fumbi. Chaka chonse zinatuluka za K1,200,000, koma ndalama imene inakhala m'menemo inali K2,300,000. Tenova yake sinafike olo 1, inali 0.52. Masiku 700. Ndinawauza kuti abwerezenso pa kakyuleta, anabwereza, 700. Ndiye kuti nditasiyiratu kuoda mapoto ndi mafulasiki tsiku lomwelo, ndikanagulitsabe omwewo kwa zaka pafupifupi ziwiri.

Taonani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pomwepa. Pafupifupi theka la mpamba wanga, K2,300,000 pa K4,800,000, linali litagona m'zinthu zimene zimabweretsa kachigawo kakang'ono ka malonda, pamene zinthu zimene zimadyetsa banja langa zimalimbirana K1,000,000. Nchifukwa chake Lachitatu lililonse shuga amatha ine nkumayang'ana kabati. Ndalama sinabedwe, sinadyedwe, inali pamwamba pa mutu wanga itavala makatoni. Ndipo 71 uja sanali wa chinthu chilichonse m'shopumo, palibe katundu amene amakhala masiku 71, ndi nambala yongobadwa posakaniza 20 ndi 700. Zili ngati kunena kuti ine ndi agogo anga tonse tili ndi zaka 60.

Ndinayesa kudziteteza ndi phindu. Ndinati koma alamu, pa fulasiki ndimapeza K50 pa K100 iliyonse, pamene pa shuga ndi mafuta ndimapeza mwina K8 yokha, shuga ndi wongokopera makasitomala. Ambiri timakhulupirira zimenezi ndipo nzimene zimatipha. Iwo anati chulukitsani phindulo ndi tenova. K100 yoikidwa mu zothamanga imabala K8, koma imabala ka 18 pa chaka, ndiye K144. K100 yoikidwa mu fulasiki imabala K50, koma kamodzi pa zaka pafupifupi ziwiri, ndiye pa chaka ndi K26. Ndinakhala chete. Shuga amene ndimamunyoza uja amandipatsa kuposa kasanu poyerekeza ndi fulasiki amene ndimamunyadira. Alamu ndalama ija sanandibwereke, anati muli nayo kale K2 miliyoni, kaitsitseni pa shelufu. Ndinawakwiyira mwina mwezi wathunthu, sindibisa.

Ndiye ndinene maganizo anga mosapsatira, ena akwiya. Ngongole yoonjezera mpamba kwa munthu amene sanagawe sitoko yake chonchi ndi poizoni. Mutenga ndalama ya chiwongoladzanja, mupita ku tauni, mudutsa pa mashopu aja, matenda aja akugwirani, theka la ngongole likagonanso pamwamba, koma wobwereketsa sadikira masiku 700, akufuna yake mwezi ukatha. Ndaona anzanga angapo akutseka mashopu odzadza. Odzadza ndithu, tsiku losamutsa katundu pamafunika lole, anthu nkumadabwa kuti watseka bwanji munthu wa katundu chonchi, ena mpaka kuyamba zoti anamulodza. Sanamulodze munthu, anadzilodza yekha ndi makatoni otsika mtengo.

Tsopano za "katundu saola" zija. Ndikudziwa chimene munene, chifukwa anzanga pa Lunzu anandiuza chomwecho. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, ndipo amene anali ndi katundu m'shopu anadzuka ali bwino kuposa amene anasunga ndalama ku akaunti. Izi nzoona, sindingatsutse, ineyo mafuta ophikira amene ndinali nawo sabata imeneyo anandipindulira. Koma anandipindulira chifukwa anagulidwa. Mtengo ukakwera pa chinthu chimene palibe akuchifuna, mwangosintha kapepala ka mtengo basi, fulasiki wa K6,000 wosagulidwa wasanduka fulasiki wa K9,000 wosagulidwa, ndipo zinthu zikathina anthu amayamba kusiya zomwezo, amagula ufa ndi sopo, fulasiki adikire. Ngati mukufuna kubisa ndalama mu katundu poopa kugwa kwa kwacha, ibiseni mu zothamanga zosaonongeka msanga, muonjezere masiku a sopo kuchoka pa 20 kufika pa 40 mukudziwa chimene mukuchita. Komanso zoti saola nzabodza. Matochi otchaja aja mabatire ake anafa ali m'katoni, zitenje za pamwamba zinasuluka ndi dzuwa la pa windo mzere umodzi pomwe zinapindidwa, mabisiketi deti inadutsa, mafuta odzola ena anasintha botolo anthu nkumati akalewo ndi feki.

Kugwa kwa kwachaku kumasokonezanso masamu amene, ndiye chenjerani. Ngati sitoko yoyamba munaiwerenga pa mitengo yakale ndipo yotsala mwaiwerenga pa mitengo yatsopano, zioneka ngati katundu wachuluka pamene mapaketi ndi omwewo, ndipo katundu wotuluka uja aoneka wochepa kuposa mmene analili. Chaka cha 2023 ine nambala zinatuluka zachilendo mpaka ndinasiya kuwerengera chaka chonse, ndinayamba kuwerengera miyezi itatuitatu, mitengo isanathawane kwambiri. Njira ndi yomweyo, kungoti m'malo mwa 365 mumaika masiku a nthawi imene mwatengayo, 90 kapena 30. Anthu amalakwitsa apa, amatenga zotuluka za mwezi umodzi nkugawa 365 ndi tenova ya mwezi, nkupeza masiku mahandiredi, nkuyamba kudwala BP zopanda pake.

Za mwezi wowerengera

Chinthu china chimene alamu anandichenjeza tsiku lomwelo koma ndinachimvetsa mochedwa. Kuwerenga sitoko pa 1 Januwale kokha kumapereka chithunzi cha tsiku limodzi, ndipo ndi tsiku loipa, Khirisimasi yangodutsa, kwa ena shopu yapepuka, kwa ena yadzadza ndi zotsalira za chikondwerero. Kwanuko ku Mponela ndiye nkhani yake ndi yaikulu kuposa kwathu, chifukwa ndalama ya kumeneko imayenda ndi munda. Januwale ndi Febuluwale anthu ndalama yathera ku feteleza ndipo nkhokwe zapepuka, malonda amazizira. Kuyambira Epulo msika wa fodya ukatsegulidwa, soya ndi mtedza zikayamba kugulitsidwa, shopu imasanduka ina. Ndiye mukatenga sitoko ya Januwale ndi ya Disembala nkugawa pakati, mwadumpha miyezi imene mumasunga katundu wambiri, sitoko ya pakatikati ituluka yochepa, tenova ituluka yokongola kuposa zoona. Bola kuwerenga kanayi pa chaka nkuphatikiza zonse nkugawa ndi 4. Amene angathe mwezi ndi mwezi ndiye bwino kwambiri, ine sindinakwanitsepo, ndimatopa.

Ndipo chinthu chomwecho masiku ake amasintha ndi nyengo. Makope mu Seputembala sukulu zikutsegulira amatha ngati mandasi, kusunga ambiri mu Ogasiti si kugoneka ndalama. Makope omwewo akapezeka ali mulu mu Novembala ndiye kuti munaoda mopyola. Nambala ya chaka chonse singakuuzeni zimenezi.

Palinso bodza lina limene masamu aja amameza osatafuna. "Katundu wotuluka" sakutanthauza wogulitsidwa. Paketi ya shuga imene mayi atengera kunyumba yatuluka, sopo amene mnyamata wa m'shopu walowetsa m'thumba watuluka, mabisiketi otha deti amene mwataya atuluka, ndipo zimene aphunzitsi atenga pa ngongole kuti adzalipira mwezi ukatha zatulukanso. Zonsezi zimakweza tenova, shopu nkumaoneka yothamanga pamene ndalama sikubwera. Njira yodziwira ndi kuyerekeza. Ngati zotuluka ndi K24,600,000 ndipo mukudziwa phindu limene mumaika, mukudziwa ndalama imene imayenera kulowa m'kabati, ndiye muone m'kope la zogulitsa ngati zikufanana. Kwa ine panali kusiyana, ndipo titafufuza wakuba wamkulu anali ine ndemwe ndi nyumba yanga, timangotenga osalemba. Pano tili ndi kope la kunyumba, olo machesi amalembedwa, ana amandiseka.

Musatengenso kuti nambala ikakwera ndiye kuti zonse zili bwino, ine ndinapsa nazonso izi. Nditamva ulaliki wa alamu ndinatembenuka mopyola, ndinayamba kuoda shuga pang'onopang'ono kuti masiku atsike, mabelo awiri, atatu, ndikunyadira kuti shuga wanga sagona masiku asanu. Zotsatira zake ndimakwera minibasi kupita ku Limbe katatu pa sabata, thiransipoti ndi wonyamula kudya ka K8 kaja, ndipo masiku ena shuga amatha masana. Kasitomala wofuna shuga akamupeza palibe sagula sopo kwa inu nkukagula shuga kwina, amapita ndi ndalama yake yonse kwa neba, ndipo akazolowera kumeneko sabwerera. Shelufu yopanda kanthu tenova yake imaoneka yapamwamba zedi pa pepala, chifukwa zimene simunagulitse sizilembedwa paliponse. Komanso tonse tikudziwa kuti pamakhala nyengo zimene shuga amasowa m'maholoselo, nthawi ngati imeneyo amene ali ndi wa masiku 20 ndi mfumu.

Ndiye pa zothamanga ndinasiya kuwerengera m'makwacha, ndimawerenga mapaketi, ndipo iyi ndi imene ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kugwa kwa kwacha sikuikhudza. Belo la shuga muli mapaketi 20 a kilogalamu imodzi. Ndikakhala ndi mabelo 6 ndiye mapaketi 120, ndipo ngati patsiku ndimagulitsa 15, ndili ndi shuga wa masiku 8. Ku Limbe ndimapita kamodzi pa sabata, masiku 7, ndiye 8 ndi wothina kwambiri, kukangobwera wa mandasi kapena wa thobwa la ukwati kudzatenga belo lathunthu ndagwa. Ndimafuna tsiku lobwera kooda ndikhale ndi wa masiku 7 kuphatikiza ena 4 odzitetezera, 11 kuchulukitsa ndi 15 ndi mapaketi 165, mabelo 8 ndi pang'ono, ndiye ndimakwanitsa 9. Masiku oyenera a chinthu amachokera pamenepo, pa kutalika kwa ulendo wanu wokaoda ndi kangati mumapita, osati pa nambala imene munthu wina wanena kuti ndi yabwino. Wa buledi masiku ake ndi awiri kapena atatu, wa hadiweya miyezi ingapo si zachilendo chifukwa loko ndi mahinjesi sizigulidwa ngati mchere koma kasitomala amafuna azipeze, ndiye kuyerekeza golosale ndi hadiweya nkutaya nthawi. Dziyerekezeni ndi inu nomwe wa chaka chatha.

Mafulasiki aja, poti ena afunsa. Ndinawatsitsa pansi pa mtengo woodera, zinandiwawa ngati ndikuzula dzino, mayi akunyumba anawaika panja pa tebulo tsiku la msika pamodzi ndi mapoto ndi mabeseni. Pa katundu wa K2,300,000 tinapulumutsa mwina K1,600,000 m'miyezi inayi, zina zinali zitafa kale. Kutaya K700,000 si masewera. Koma ngakhale theka lokha la K1,600,000 litalowa mu zothamanga zobala K144 pa K100, chaka chisanathe dzenje lija lakwiririka. Yonse singalowe mu shuga ayi, anthu a pa Lunzu sadya shuga wambiri chifukwa choti ine ndaoda wambiri, ukapyola muyeso shuga nayenso amayamba kugona. Ina ndinabweza ngongole, ina ndinayambira kugulitsa mazira ndi ufa. Mafulasiki ndimasungabe, awiri, wina akagulidwa ndimabweretsa mmodzi. Atatu ochokera m'makatoni aja anapita ku maukwati ngati mphatso, ndipo mmodzi alamu anapatsidwa, amamwera tiyi ku ofesi.

Tsopano fomu yanu. Funso ndi loti K6 miliyoni ija munaiwerenga pa mtengo uti. Ngati ndi pa mtengo woodera, 6 uja ngolakwika, chifukwa mwagawa ndalama yokhala ndi phindu mkati ndi ndalama yopanda phindu. Chotsani kaye phindu mu K36 miliyoni, ndipo poti mumaika K20 pamwamba pa K100, mugawe ndi 1.2, osati kuchotsa 20 peresenti, mupeza K30 miliyoni. Kugawa ndi 6 miliyoni ndi 5, ndipo 365 kugawa ndi 5 ndi masiku 73. Ngati K6 miliyoniyo ndi ya pa mitengo ya pa shelufu, ndiye mbali zonse zili ndi phindu, 6 wanu ali bwino, masiku 61. Ndikukayika kuti K20 mumaika pa chilichonse mpaka shuga, ndiye ngati malisiti alipo tsatirani njira ya alamu ija, ndi imene a ngongole angaikhulupirire akafuna umboni. Kwa golosale yokhala pa M1, Lilongwe ali pafupi chonchi, 61 kapena 73 onsewo ndi ochuluka, ndipo ndikubetcha kuti muli ndi mafulasiki anuanu penapake. Lamulungu likubwerali musanapereke fomuyo tengani mpando, kwerani, tsitsani chilichonse chimene simunachiodenso kuyambira chaka chatha, muchiwerenge pa mtengo woodera, ndalama imene ituluke muichotse pa ngongole imene mumafuna kupempha. Mundilembere kuti yatsala zingati.